Mano Amene Anagula Mkamwini

Mayi Emily Nangozo anabwera ku Area 25 kuchokera ku Ntcheu kudzadwazika mwana wawo Mabel. Ankati ndi za mwezi umodzi. Mabel anamwalira mu 2003, n'kusiya ana awiri ndi mwamuna wake Flywell, munthu wa ku Rumphi wogwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Maliro atatha, mayiwo anamanga katundu. Flywell anangotenga chikwama chawo n'kukachibwezera kuchipinda. Basitu, anakhala.

Koma kukhala kwake kunali kwa mantha. Mwana wako atapita, pakhomo pa mkamwini ukhalapo ngati ndani? Ankadzuka m'mamawa, kusesa, kusambitsa adzukulu, osapempha ngakhale sopo. Ndi Flywell ankalankhulana atayang'ana kumbali, ndipo kudyera pamodzi ndiye ayi, si mwambo.

Mano awo anatha pang'onopang'ono. Otsala atazulidwa, nkhama zitapola, Flywell anawatengera kwa dokotala wa mano m'tauni, mayi wina dzina lake Nafisa. Anawayeza m'kamwa kangapo, kenako anawapatsa mano oikirira, am'mwamba ndi am'munsi omwe.

"Masabata oyambawa ndi ovuta," anatero Nafisa. "Malovu achuluka, mawu azituluka mwachilendo. Muzidya zofewa, tizidutswa ting'onoting'ono, kutafunira mbali zonse ziwiri. Pogona muziwavula n'kuwaviika m'madzi. Pakatuluka chilonda mubwere ndidzapale. Osapala nokha."

Atabwerera koyamba kwa Nafisa, Flywell analowa nawo n'kuima pakhomo, chipewa m'manja.

"Pali pakupweteka, amayi?" anafunsa Nafisa.

Ha! Anene kuti mphatso ya mkamwini ikupweteka, mwini wake ali pomwepo? Komanso manowo anali atawavula masiku angapo, n'kuwavala m'minibasi, kotero nkhama zinkaoneka bwino.

"Ali bwino kwabasi," anatero.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwavala tsiku lonse, kuti Flywell aziwaona. Am'munsi ndiwo anali nkhanza. Ankaseweraseweretsa lilime, m'mphepete mwake mukucheka pansi pa lilimepo, kwinaku akukhuza kamnofu kolumikiza mlomo ndi nkhama. Kumeza malovu kokha kunali ntchito. Anayamba kubweza chakudya, n'kumangomwa tiyi wozizira kukhitchini. Nsalu inayamba kuwazungulira kawiri. Anali ndi chisoni, anali ndi manyazi, koma chachikulu anali ndi mantha akuti Flywell aziti ndi nkhalamba yosayamika, yoyenera kubwerera kwawo.

Flywell ankaziona mbale zikubwerera zodzaza, koma naye pakamwa panali polemera. Mpongozi sumufunsa chifukwa chake sakudya.

Tsiku la ulendo wachiwiri litakwana, Nafisa anangowayang'ana masaya n'kuuza Flywell kuti adikire panja. Atavula manowo anapeza zilonda zitatu, zoyera pakati, zofiira m'mbali.

"Iii, amayi! Mwapirira chifukwa chiyani?"

"Anandigulira ndi apongozi anga. Ndinganyoze?"

"Uku si kunyoza. Palibe amene amavala mano awa osabwera kudzapalitsa. Nkhama zimasintha, ifenso timatsatira. Mwachita bwino kubwera mutawavala, poti ndikuona pamene akukhuza."

Anapaka mankhwala oyera ngati phala kunsi kwa manowo, n'kuwabwezera m'kamwa. Atawatulutsa, malo okanikiza anaonekera, mankhwala atafufutika. Anapala pang'ono ndi kamakina kolira ngati njuchi, n'kusalaza. Anawalumitsanso kapepala kabuluu, n'kuchepetsa dzino limodzi limene linkagunda msanga kuposa anzake. Atawavala, mayi Nangozo anameza malovu, n'kudikira ululu. Unalipo, koma wakutali.

"Muzichukucha madzi ofunda amchere. Mubwerenso sabata yamawa, ndipo chilonda chikakana kupola ndidziwe. Koma akunyumba ayenera kudziwa zoti mudye. Ndiwauze ine, kapena munena nokha?"

Mayi Nangozo anayang'ana kuchitseko. Kenako anati, "Aitaneni."

Flywell analowa. Mayiwo sanayang'ane kumbali. Anavula mano am'munsi pamaso pake, chinthu chimene sanachiganizirepo chibadwire, n'kukoka mlomo kuti aone.

"Apongozi, ndinakunamizani. Ankandipweteka. Ndimaopa kuti muziti sindiyamika."

Flywell anayang'ana zilondazo, kenako anagwada pasimenti, bambo wamkulu ndithu, misozi ili mbwembwembwe.

"Amama, ine ndimayesa mukukana chakudya changa. Ndimati mwatopa nafe, mukufuna kubwerera ku Ntcheu. Ndakhala ndikusowa tulo, kuganiza kuti ana ndidzawauza chiyani."

Mayi Nangozo anabwezera manowo m'kamwa mosafulumira, kuti mawu atuluke bwino.

"Ndipite kuti, bambo? Mwana wanga munamuika ku manda a ku 18. Dzukani, tikaphike phala, njala yandipha."