Lendi ya Pachilamu

A Bizwick Namakhwa anakhala pachikamwini zaka zoposa makumi awiri, m'mudzi wa akazi awo a Esteri, pafupi ndi msewu wa ku Likhubula. M'zaka zonsezo analima munda umene sunali wawo, anamanga nyumba pamalo amene sanali awo, n'kubereka ana asanu amene mwa mwambo wakuno nawonso anali a malume awo. Akakumana ndi apongozi aakazi panjira ankalowa mu nandolo ngati wakuba, bambo wa imvi zake. Kukagwa maliro, wothamangitsidwa pa njinga kukanena uthenga anali iwo, wowaza nkhuni za pasiwa iwo omwewo. Kudandaula ankadandaula ndithu, koma kwawo ku Muloza kunalibenso wowadziwa. Mayi awo anamwalira iwo ali ku Joni, alongo awo anawoloka malire osamvekanso. Mudzi wa eni akewu ndiwo unali kwawo, ndipo akanataya umenewu analibe kwina kolowera.

Chinthu chimodzi chokha chinali chawochawo. Ulendo wa ku migodi utatsekedwa, anabwera ndi chikwama chachitsulo, chifuwa chosatha, ndi ndalama zimene anamangira kanyumba ka njerwa ndi malata pa Chitakale. Pamenepo panalibe za mbumba ya munthu. Malonda iwo sankawadziwa, choncho anabwereketsa nyumbayo kwa alamu awo a Chester, mchimwene wa a Esteri, kuti aikemo golosale, lendi yake K8 pamwezi. Analemberana? Aaa, ndani amalemberana ndi munthu amene akudya naye mbale imodzi?

A Chester anali munthu wa m'kamwa mokoma. Chilamu chawo ndi a Bizwick chinkadziwika mudzi wonse. Akangowaona patali ankafuula kuti, "Uyo akubwera uyo, katundu wa achemwali anga!" A Bizwick n'kubweza kuti, "Katunduyu ndi amene akukudyetsani." Ankaseka mpaka a Bizwick chifuwa chija n'kuwagwira. M'mudzi monsemo, munthu amene ankawatukwana mowasonyeza kuti ndi wapakhomo anali yekhayu.

Vuto la chilamu n'lakuti ngongole nayonso imasanduka nthabwala. Zaka zoyamba lendi inkabwera, mochedwa koma inkabwera. Kenaka inayamba kubwera ngati paketi ya shuga. Kenaka inangokhala mawu. "Alamu, za mwezi uno bwanji?" A Chester n'kuyankha kuti, "Inu mwagona pa dothi la amayi anga zaka zonsezi, ndinakufunsanipo tambala?" Anthu pakhonde n'kuseka, a Bizwick nawonso n'kuseka, chifukwa mkamwini wosaseka nthabwala ya mlamu amamunena kuti ndi wamwano. Anaseka choncho miyezi isanu ndi inayi.

Koma si ndalama zimene zinawapsetsa mtima. Tsiku lina anapeza pamwamba pa chitseko cha golosale ija pali chikwangwani chatsopano, penti yake yosauma, cholembedwa dzina la a Chester ndi zilembo zazikulu ngati za pa basi. Mayi wina wogulitsa nanazi anawafunsa mwaulemu ngati akufuna eni nyumba. Eni nyumba! Nyumba imene anaigula ndi mapapo awo pansi pa nthaka ya ku Joni. Anakwera njinga n'kulunjika kwa a Lyson.

A Lyson anali kalaliki wakale wa kukhoti, amene atapuma ntchito ankakhala pakhonde lina ku boma ndi makina otayipira, kulembera anthu makalata. Anamvetsera nkhani yonse n'kufunsa ngati panali pepala la pangano. Atamva kuti panalibe anati, "Sizikuletsa. Amakupatsani mwezi ndi mwezi, anthu amadziwa, ndiye kuti ngongole ilipo. Koma kalata yotere imafuna zinthu zomveka: ndalama zingati, za miyezi iti, tsiku lomaliza, ndi chimene mudzachite akapanda kulipira. Kope lake musunge inuyo." Kenaka anavula magalasi. "Wabizinesiyu ndi ndani wanu?"

"Ndi alamu anga."

"Inu mumakhala kwanu kapena kwa akazi?"

"Kwa akazi."

A Lyson anati, "Bambo, bwanji osayamba mwatuma ankhoswe?"

"Lembani. Ndipo mulembe m'Chingerezi."

Ankafuna Chingerezi chifukwa m'Chingerezi mulibe chilamu. A Lyson analowetsa mapepala awiri ndi kaboni pakati, n'kutayipa. Anthu opereka malangizo aulere saumirira, makamaka ngati kalatayo ndi yolipiritsa.

Tsono kalata ija akanatha kuipereka pamanja madzulo omwewo, poti ankadya limodzi pabwalo la apongozi. Ayi, a Bizwick anaitumiza pa positi, ya rejisitala, kuti a Chester akasayinire n'kusowa pokanira. Masiku angapo anadya ndi alamu awo mbale imodzi, akupatsirana kalongonda, kalata ili m'thumba la positi ikuzungulira mtunda umene nkhuku ikanayenda wapansi.

A Chester atalandira kapepala kowaitana ku positi anavala jekete, poganiza kuti wina wawatumizira ndalama. Sukulu analekera Sitandade 3, ndiye anabwera nayo kalatayo kugolosale n'kupempha kalaliki wina wa ku esiteti ya tiyi, amene ankagula fodya, kuti awawerengere. Linali tsiku lamalipiro, khonde litadzaza. Kalalikiyo anali asanapezepo mwayi woonetsa sukulu yake pagulu lotere, ndipo sanauwononge. Anawerenga mokweza, chiganizo ndi chiganizo, akumasulira:

"Kwa Bambo Chester Mulewa. Muli ndi ngongole ya lendi ya miyezi isanu ndi inayi, kuyambira Seputembala mpaka Meyi, K8 pamwezi, zonse pamodzi K72. Mulipire zonse pofika pa 30 Juni. Mukapanda kutero ndikasuma kukhoti, ndiponso ndidzakupatsani notisi yoti mutuluke m'nyumba yanga. Ine mwini nyumba, B. Namakhwa."

Akuti a Chester anayamba kuseka, kudikira kuti anthu aseke nawo. Palibe anaseka. Anapinda kalatayo n'kutseka golosale dzuwa likadali pamutu.

Nkhani inafika kumudzi njinga ya a Bizwick isanafike. A Esteri anawadikira pakhomo. "Abambo a Janet, mwalembera achimwene anga kalata? Dzulo lomweli mumadya nawo. Pakamwa panu panatupa?"

"Ndinanena kambirimbiri, amangoseka."

"Ndiye mwati aseke a khoti? Amayi amva kuti mwana wawo akupita kundende."

"Nkhani ya lendi siyopita nayo kundende."

"Kawauzeni nokha, poti masiku ano mumalankhula Chingerezi."

A Bizwick anakonzekera nkhondo. Anayembekeza kuti awaitanira ankhoswe, awakumbutsa za munda, mwina kuwatulutsira chikwama chachitsulo chija pabwalo. Mayankho anali nawo okonzeka, ndi kope la kalata m'thumba la malaya. Koma palibe anawaitana. Anangoona mbuzi ya apongozi ikukokedwa kupita kumsika. Achemwali a a Esteri anasenza nandolo wouma amene ankasungira ndiwo. Nkhuku za pakhomo pawo pomwe zinachepa, a Bizwick atafunsa, a Esteri anati, "Zapita kukalipira lendi yanu." Motero mwini nyumba anathandiza nawo kubweza ngongole yake yomwe, koma zimenezi masamu a a Lyson sanazione.

Pa 30 Juni m'mawa a Chester anabwera atavala jekete ija, ndi amuna awiri a mbumba ngati mboni. Anagogoda, chinthu chimene anali asanachitepo pakhomo la mlongo wawo. Anamasula kansalu n'kuyala ndalama pamphasa, zamapepala zochepa, zambiri zachitsulo zonunkha utsi wa m'makhitchini a mudzi wonse. Anawonjezapo ndi ya Juni.

"Tawerengani, bambo Namakhwa."

"Aaa, alamu, zoterezi..."

"Werengani, bambo. Ndipo mutilembere lisiti."

Zinakwana. Ngongole inalipidwa tsiku lisanapitirire, ndiye panalibenso za khoti kapena notisi. A Bizwick anapambana bwinobwino, n'kulemba lisitiyo.

Kuyambira pamenepo anapeza ulemu umene anakhala akuulira zaka zonse. Chikwangwani chija chinatsitsidwa, n'kubwerera chitawonjezedwa mzere waung'ono pansi wonena kuti nyumbayi ndi ya B. Namakhwa. Lendi inkafika tsiku loyamba la mwezi, isanakwane ngakhale nthawi ya tiyi. Chakudya chawo chinkabwera kunyumba kwawo, mbale yovundikira bwino, kuti asavutike kupita pabwalo. Ana a mudzi ankawagwadira. Palibe anawatumanso kukafolera nkhokwe ya apongozi. Iwo anayesa kangapo kuputa chilamu. Ankadutsa pagolosale n'kunena kuti, "Katundu wa achemwali anu wafika." A Chester ankaimirira, n'kuvula chipewa. "Takulandirani, bambo. Pali chimene chalakwika panyumbayi?" Anayesanso kukana lendi mwezi wina, akuti ya Khirisimasi. A Chester anaitumiza pa positi, ya rejisitala.

Zinawapweteka kwambiri, tisabise. Koma munthu ukadandaula kwa ndani kuti anthu akukulemekeza?

Chaka chotsatira, kumapeto kwa Okutobala, apongozi aja anamwalira. Kulira kutangomveka, a Bizwick anatulutsa njinga n'kupopa matayala, monga ankachitira pa maliro alionse a m'mudzimo. Atafika pasiwa anapeza uthenga wapita kale, anatuma mkamwini wina wongobwera dzana, amene sankadziwa n'komwe njira yachidule ya kwa abale a ku Chitakale. Anafunafuna nkhwangwa. Atangoigwira, wina anawalanda mwaulemu, ndi manja awiri, n'kuwatsogolera pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala akuluakulu a mpingo ndi anthu ochokera kutali. Anawaikira mpando wa ndalema. Anakhala pamenepo akuyang'ana akamwini anzawo akutuluka thukuta ndi zipika, akukalipidwa ndi azimayi kuti madzi achedwa, ndipo anawasirira.

Mwambo wa kumanda unali mawa lake, tsiku loyamba la mwezi. Anthu atabwerako, akusamba m'manja, a Chester anabwera pa mpando paja, maso ali psuu, fumbi la manda a mayi awo likadali m'mawondo. A Bizwick anaimirira msanga, mtima uli m'malo kuti lero lokha munthuyu awagwira dzanja n'kunena kuti alamu, amayi atisiya.

A Chester anagwada, n'kutulutsa kansalu m'thumba la jekete.

"Ya Novembala, bambo. Lisiti mudzalemba mukapeza nthawi. Zikomo kwambiri pobwera kudzatipepesa."