Tsiku limene ndinaima pamzere wa akuba

Ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina, pa tauni yathu yaing'ono ya ku Machinga, pamene wapolisi anabwera n'kunena kuti, "Atelala, tabwerani mutithandize pang'ono." Ndinkayesa yunifolomu yang'ambika. Iyayi. Ankafuna anthu okaima pamzere kuti mayi wina wogulitsa zitenje, amene anamufwamba madzulo pamsewu wa ku Nselema, aloze wakuba wake.

Oima pamzere wotere amayenera kufanana ndi woganiziridwayo msinkhu ndi maonekedwe. Apolisi athu anayesetsa ndithu. Anapeza ine wamfupi, mimba patsogolo, mkulu wina waimvi wogulitsa fodya, shehe atavala mkanjo woyera, ndi anyamata onenepa a pa chiwaya cha tchipisi. Pakati pathu anaikapo bambo wamtali woonda, wopanda nsapato, diso lotupa, atagwira buluku ndi dzanja poti lamba anali atamuvula. Tinkafanana ngati mapasa.

Mayi uja sanavutike. Ndipo akanavutika bwanji, poti m'mawa womwewo anamupeza bamboyo atakhala pansi kukauntala ya polisi, unyolo uli m'manja?

"Ndi ameneyu," anatero. "Wamtali chonchi, jekete yofiira."

"Amayi, tsiku limenelo ndinali kumaliro ku Balaka," bamboyo anayankha.

Wapolisi anamuuza kuti zimenezo akanene kukhoti. Ife anatithokoza, ine n'kubwerera kumakina anga. Ndinamva pambuyo pake kuti anamugwira chifukwa cha jekete yomweyo, ya pa kaunjika, imene theka la akabaza a kuno limavala. Katundu sanamupeze naye. Kwa majisitireti analibe loya, ndipo mboni zake za kumaliro palibe anakaziitana. Mayi uja atafunsidwa ngati wakubayo ali m'khotimo, analoza munthu yekhayo amene anaima m'bokosi la oimbidwa milandu. Maso akuthwa zedi. Bamboyo anapatsidwa zaka zambiri zoti akagwire ukaidi.

Mvula inagwa, chimanga chinakololedwa. Kenaka tsiku lina panafika mayi wovala nsalu ya chigwirizano cha kutchalitchi, n'kugwada pafupi ndi makina.

"Pepani abambo, ndachokera ku Balaka. Ndine mlongo wake wa uja munaima naye pamzere. Akuti panali telala wamfupi wamimba."

Ndinathokoza kuti pamzere wonse uja pali mmodzi amene anazindikirika molondola.

Anandifotokozera kuti kundende kumabwera anthu othandiza akaidi pa zamalamulo. Mmodzi wa iwo anauza mchimwene wa mayiyu kuti chilango chachikulu choperekedwa ndi majisitireti chimayenera kukaunikidwa ndi bwalo lalikulu, ngakhale wandendeyo asapemphe. Koma failo yake inali isananyamuke. Inkadikira kutaipidwa, ndipo zikuoneka kuti inali ndi mtima wodekha kuposa mwini wake. Njira ina inali apilo, koma nthawi yake inali itadutsa, choncho pankafunika kupempha kaye chilolezo kubwalo lalikulu lomwelo. Loya wa boma wothandiza osauka anavomera kuutenga mlanduwo, ndipo ankafuna munthu amene anaona mzere uja.

"Ine kupolisi ndimadutsako tsiku lililonse, amayi," ndinatero.

"Ndikudziwa. Iye kwawo sadutsako."

Ndinapita. Loyayo anali mtsikana wotopa, mafailo mpaka pazenera. Anandilumbiritsa, n'kulemba zonse: msinkhu wanga, imvi za mkulu wafodya, mkanjo wa shehe. Pa mkanjopo anaima kaye n'kundifunsa ngati ndikucheza. Anati apilo kawirikawiri imayang'ana zimene zinalembedwa pamlandu woyamba, koma akapempha woweruza kuti alandire umboni wanga ngati watsopano. Mwamwayi, majisitireti anali atalemba dandaulo la bamboyo lokhudza mzerewo, kungoti sanalilabadire.

Tinadikiranso. Tsiku lomva apilo linasinthidwa kangapo. Mlongo uja anaudziwa msewu wa kukhoti kuposa makondakitala a minibasi.

Woweruza wa bwalo lalikulu pomaliza anati mayi wa zitenje sanali wabodza. Anali munthu woopsezedwa, amene anaona nkhope yachilendo kwa kanthawi kochepa kunja kukuchita mdima, ndipo munthu akhoza kutsimikiza ndi mtima wonse koma n'kulakwitsa. Mzere uja anati sunali mzere konse. Popanda umboni wina, anafafaniza chigamulocho.

Bamboyo anatuluka. Anapeza mkazi wake atabwerera kwawo ku Ulongwe, munda akulima achibale ena amene anadabwa kuti wabwera msanga. Loya anamuuza kuti ngati akufuna chipepeso ayenera kusumira boma payekha, ndipo kupambana kwake n'kosadziwika.

"Ndikalowenso m'khoti ndi miyendo yangayi?" anafunsa bamboyo. Zosumazo anazikana.

Pano amaumba njerwa kumudzi kwa mlongo wake. Bwalo lalikulu linamuyeretsa, koma chigamulocho kumudziko sichinafike. Mbuzi ikasowa, anthu amayamba adzera kaye pakhomo pake kudzamupatsa moni, maso ali kukhola.