Nambala yathu sinasinthe

Ine ndi achimwene anga tinali ndi shopu ya malata ndi simenti pa Mwanza Boma. Makasitomala athu ambiri anali a m'midzi ya kwa Nthache. Ankalipira pang'onopang'ono pafoni akagulitsa manachesi kapena makala, ndalama zikakwana n'kubwera ndi njinga kudzatenga katundu.

Chaka chimenecho, mvula itayandikira, kunabwera mayi wina wamasiye amene ankafuna kufolera nyumba yake ndi malata. Anafika akumwetulira, atabwereka kale ngolo.

"Ndamaliza, achemwali. Ndipatseni malata anga."

Ndinayang'ana mufoni ya shopu, osapezamo kanthu. Anandionetsa uthenga umene analandira. Unali m'dzina la shopu yathu, wonena kuti nambala yakale yatsekedwa, atumize pa ina. Mayiyo anakhala pansi pomwepo pakhomo. Sanalire. Ankangofunsa kuti, "Nanga denga ndinasasula kale, ana agona pati?"

Tinathamanga nawo kupolisi, tinaimbiranso a kampani ya foni. Nambalayo anaitseka, koma ndalama zinali zitatapidwa kale. Sabata yomweyo kunabwera ena, nkhani yake yomweyo. Mmene akubawo anadziwira makasitomala athu sindidziwa mpaka lero. Pamsika mbiri inali itawanda kuti tikuba ndife.

Chenjezo tinali nalo pakhoma, koma la m'Chingerezi, lofwifwa ndi dzuwa. Achimwene analichotsa n'kulemba lina mwachangu: Chenjerani ndi akuba, nambala yathu yoona ndi iyi. Sipanatenge nthawi, bambo wina wowotcha makala anabwera atakwiya kwambiri. Uthenga umene analandira pafoni unkati, "Chenjerani ndi akuba, nambala yathu yoona ndi iyi." Mawu athu omwe, nambala yokha ndiyo inali ya akubawo.

"Mukundiuza kuti si inu? Si zomwezi zili pakhomazi?"

Bamboyo atapita, achimwene anandiuza kuti, "Titseke basi. Adzatiotchera shopu anthuwa."

Ine mtima unali m'malere. Shopuyo ndi imene inkatidyetsa tonse, ndiponso tikanatseka, amene anali pakati polipira akanati tathawa nazo. Ndinang'amba katoni ya misomali yoti ndilembepo chenjezo lina, n'kukhala pathumba la simenti. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinang'ambanso ina. Chilichonse chimene ndinkalemba ndinkadzifunsa kuti, kodi wakuba sangachikopere? Nambala angaikopere n'kusintha. Mawu okoma angawakopere.

Mayi wamasiye uja ankabwera tsiku ndi tsiku kudzamva ngati apolisi anenapo kanthu, ndipo tsikulo anali pabenchi. Ndinawawerengera zimene ndinalemba.

"Zatalika," anatero. "Ine pofika kumapeto ndaiwala zoyamba."

"Nanga potumiza paja, foni sinakuonetseni dzina?"

"Inaonetsa la munthu wina wamwamuna. Ndinkayesa ndi wantchito wanu."

Pamenepo ndinagwira cholembera. Nambala yathu yolipirira inalembetsedwa m'dzina la shopu, ndipo foni imaonetsa dzina la wolandira munthu asanaike nambala yachinsinsi. Ndinalemba zilembo zazikulu: Nambala yathu sinasinthe. Uthenga wonena kuti yasintha ndi wabodza, ngakhale ukuchenjezeni za akuba. Musanaike nambala yachinsinsi werengani dzina. Likapanda kukhala la shopu ino, lekani. Mukakayika imbani nambala ya palisiti yanu, osati ya mu uthengawo, kapena bwerani.

Achimwene anawonjezera pansi kuti ife sitifunsa munthu nambala yake yachinsinsi. Ankafuna kuikaponso zoti uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita umachokera ku kampani ya foni, osati pa nambala wamba. Malo anatha, ndiye zimenezo tinkangonena pakamwa.

Koma katoni ya pakhoma sifika kwa Nthache. Tinakajambulitsa timapepala, ine n'kukwera kabaza. Ndinayenda m'midzi ndi fumbi m'maso, kuwerengera anthu pazitsime ndi pamipingo akaweruka. Ena ankandithamangitsa ndisanatsegule pakamwa. Agogo ena osawerenga anandipempha kuti ndiwalembere dzina la shopu pachikuto cha foni, azifananiza zilembo.

Mauthenga abodza sanaleke. Chinasintha n'chakuti anthu anayamba kuimba kaye, ena mokalipa, "Mwasinthadi?" Ine ndinkayankha mpaka mawu kusasa.

Shopu sitinatseke, ngakhale makasitomala ambiri sanabwererenso. Bambo wa makala uja mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali. Mayi wamasiye tinawapatsa malata ochepa amene tinakwanitsa, okwana chipinda chimodzi. Mbali inayo anafolera ndi pulasitiki ndi udzu, ndipo mvula yoyamba inawapeza akumangirira.