Mtanda wa a Simioni m'thumba la mpunga

Pamsika wa ku Mangochi palibe amene samudziwa Alima wa usipa, ndipo ambiri amamuopa. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okuluwika, amene ukamunenerera mtengo mopitirira muyeso amakulanda mbale ya usipa m'manja n'kukuuza kuti ukawedze wekha. Anabadwira ku Malindi, m'banja la Chiangilikani, ndipo dzina lake la ubatizo linali Benedicta. Analowa Chisilamu ali ndi zaka makumi awiri, pokwatiwa ndi Che Amidu okonza mainjini a maboti. Amene ankati walowera banja chabe anachita manyazi, chifukwa mayiyu anaphunzira swala kuposa obadwira momwemo, mpaka anakhala mmodzi wa amayi osambitsa maliro a akazi pamzikiti wa kwawoko. Ndiye imfa ankaidziwa bwino, ndipo moto wa tsiku lachiweruzo ankauopa zenizeni.

Bambo ake, a Simioni, anali msodzi amene anayimba kwaya ku Malindi zaka makumi anayi. Atafa ziwalo mbali ya kumanja, Alima anakawatenga. Anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zoipa popanda kudandaula. Pamenepo palibe angamunene. Koma tsiku lililonse akawayang'ana, mtima unkamuwawa ndi ukali. Munthu wabwino chonchi, wakumanda kale mwendo umodzi, n'kumakakamirabe kamtanda ka mtengo kopachika m'khosi!

Anayamba ndi kuwapempha kuti alowe Chisilamu, iwo n'kumangomwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa. Kenako anawavula kamtandako powasambitsa, n'kukabisa m'thumba la mpunga. Wansembe wa ku Malindi, bambo Harold, anabwera kawiri panjinga yamoto ndi mgonero, ndipo kawiri konse Alima anawabweza pachipata kuti odwala agona. Nkhalamba inkafunsa, iye n'kuyankha kuti ansembe awo awaiwala.

Lachitatu lina kunatentha monga kumatenthera ku Mangochi mu Okutobala. A Simioni anapempha madzi. Alima anabwera nayo kapu, n'kuima nayo patali pang'ono.

"Nenani kaye, ababa. Ndi mawu ochepa. Palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Allah, ndipo Muhammad ndi mtumiki wake."

A Simioni anamuyang'ana, milomo itauma gwa. Kenako ananena shahada ija, mawu olowera Chisilamu, liwu ndi liwu, momutsatira. Mlamu wake wa Alima, Swadick, mng'ono wa Che Amidu amene anaphunzira zachipembedzo kunja, anali pakhonde ndipo anamva. Analumpha ndi takibiri, akufuula kuti Mulungu ndi wamkulu, n'kuthamanga kukauza anthu. Sanamve zimene nkhalamba inanena itamwa madziwo.

"Ndanena, Benedicta. Tsopano ndibwezere mtanda wanga."

Sanawabwezere. M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, a Simioni anamwalira.

Pofika nayini koloko Swadick anali atagula kale sanda yokulungira mtembo, anyamata atapita kukakumba ku manda a Asilamu, ndipo maliro anali oti aikidwe ikatha swala ya masana. Alima anakhala pakati pa amayi, koma misozi sinkabwera. Chimene chinkabwera chinali mkwiyo. Anakwiyira bambo akewo chifukwa cha mawu otsiriza aja, anakwiyira Swadick chifukwa cha liwiro lake, ndipo pansi pa zonsezo anadzikwiyira yekha. Ku Malindi, pambali pa manda a mayi ake, panali malo amene a Simioni ankalambula okha chaka chilichonse.

Anadzuka, n'kupita kwa Shehe Ahmad, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo kuseri kwa mzikiti. Anawapeza ali ndi Swadick, akudula sanda ija. Sanapite kuti akalape ayi. Ankafuna kuti shehe amuuze kuti anachita bwino, mtima ukhale pansi.

"Shehe, munthu akanena shahada, ndi Msilamu, si choncho?"

"Akanena mwa kufuna kwake, inde," anatero shehe. "Bwanji mukufunsa, mayi?"

Ndiye anafotokoza. Za mtanda, za wansembe, za kapu. Lumo linaima m'manja mwa shehe.

"Laa ikraaha fid-diin," anatero pang'onopang'ono. "Palibe kukakamiza m'chipembedzo, njira yoongoka yaonekera kale poyera kusiyana ndi yosokera. Ili mu Sura ya Baqara, kungotha Ayatul Kursi imene mumawerenga tsiku lililonse. Simunafikepo?"

"Ndime imeneyo inafafanizidwa, shehe," anadumphira Swadick. "Akuluakulu ena a tafsiri, omasulira Kurani, ananena poyera kuti ndime za nkhondo zimene zinatsika pambuyo pake zinachotsa lamulo lake."

"Ena anaterodi, sindikukana. Koma ankakamba za nkhondo ndi Aluya opembedza mafano a nthawi imeneyo. Ndipo ena ambiri anati sinafafanizidwe, ikugwira ntchito pa anthu a Buku, Ayuda ndi Akhristu, kuti asiyidwe m'chipembedzo chawo. A Simioni anali ndani? Sankhani gulu limene mukufuna, Che Swadick, mundipezere limene linanena kuti mwana amane bambo ake madzi."

Alima anakweza mawu. "Ndiye ndikanangokhala phee, bambo anga akupita kumoto ine ndikuona?"

Shehe anamuyang'ana modabwa. "Mawu amenewo si inu woyamba kuwanena. Omasulira amasimba kuti ku Madina kunali Msilamu wina amene ana ake awiri analowa Chikhristu chifukwa cha amalonda a mafuta ochokera ku Shamu, ku Siriya. Anafuna kuwabweza ndi mphamvu, n'kukadandaula kwa Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, kuti, kodi chiwalo changa chilowe kumoto ine ndikupenya? Ndimeyi inatsika, ndipo anawasiya. Ena amasimba za amayi a ku Madina amene ana ankangowafera, n'kulumbira kuti mwana akakhala moyo adzaleredwa Chiyuda. Ayudawo atasamutsidwa, makolo anafuna kuwakakamiza anawo kulowa Chisilamu kuti atsale, ndipo anauzidwa kuti anawo asankhe okha. M'nkhani zonse ziwiri, wokakamiza anali wachibale wachikondi ngati inu."

"Koma ife timaweruza zooneka," anaumirira Swadick, mawu atakwera. "Ine ndamva ndi makutu anga. Mtima wawo tinaung'amba kuti tione zam'kati? Wanena shahada timamusambitsa, timamuswalira, basi."

"Lamulo limenelo lilipo, ndipo ndi labwino. Limateteza munthu kuti tisamukayikire popanda umboni. Pano umboni waima apa, wavala mpango. Akatswiri ambiri a malamulo anati munthu amene sikuloledwa kumukakamiza, akakakamizidwa, shahada yake siwerengedwa, pokhapokha chikakamizo chitachoka iye n'kupitiriza yekha. Alipo ochepa amene anati iwerengedwe poyera. Koma ndifunse: kapu itafika pakamwa, anapitiriza?"

"Anapempha mtanda," anatero Alima.

"Ndiye mwamva. N'chifukwa chake omasulira ena amati ndimeyi sikungoletsa chabe, ikunenanso mmene zinthu zilili, kuti chikhulupiriro chimakhala mumtima ndipo mphamvu sifikamo. Mungathe kutulutsa mawu m'kamwa mwa munthu, koma imani, chikhulupiriro chenichenicho, simungayilowetse. Kuitanira munthu ku chipembedzo n'kololedwa. Mtumiki mwini anawaitana amalume ake ali pafupi kumwalira, iwo anakana, ndipo sanawakhudze. Za munthu wotuluka m'Chisilamu ndi mkangano wina, akale ambiri ankati ndimeyi ikunena za kulowa, amakono ambiri amati ikukhudza zonse. Koma a Simioni sanatuluke pena paliponse. Sanalowe n'komwe."

Swadick anaponya tepi yoyezera pansi. Manda akumbidwa, anthu auzidwa, mzikiti wonse wasangalala kuti nkhalamba ya kwaya yafa ili Msilamu, ndiye abwerere akanene chiyani? Shehe anati iye sangaswalire malirowo akudziwa zimene wamva, komanso sangaulule chinsinsi cha mayiyu popanda chilolezo chake. Wonena ndi mwini wake.

Apa m'pamene anthu a pamsika amasiyana posimba. Ena amati Alima analira. N'zabodza, sanalire. Anabwerera kunyumba akupsa mtima, anadutsa amayi onse, n'kukaima kutsogolo kwa azibambo amene anakhala pansi pa mtengo wa mango, malo amene mkazi saimapo pamaliro. Jeneza lonyamulira maliro linali litafika kale, litatsamira khoma.

"Bwezani limenelo," anatero. "Bambo anga sanalowe Chisilamu. Ndinawamana madzi mpaka ananena. Ine, mwana wawo."

Panamveka phokoso. Wina anati mayiyu wasokonezeka ndi chisoni. Wina anati magazi a ku Malindi amukoka, wayamba kubwerera kwawo. Mawu amenewo ndi amene anamupweteka kwambiri, zaka makumi atatu za swala n'kufufutidwa ndi pakamwa pa munthu amene ngakhale Lachisanu amafika kumzikiti mochedwa.

"Ine ndine Msilamu, ndipo ndidzafa Msilamu!" anakuwa. "N'chifukwa chake sindinyamula bodza kupita nalo kumanda. Mukufuna mukaswalire chiyani, ludzu lawo?"

Che Amidu, amene pa zaka zonsezi sanamutsutsepo mkazi wake pagulu ndipo sanali woti ayambe tsiku limenelo, anadzuka mwakachetechete kukafuna galimoto. Swadick sanalankhulenso ndi mlamu wake mpaka Ramadani yotsatira, ndipo amayi ena anasiya kumuitana kukasambitsa maliro. Alima amati zimenezo n'zawo.

Asananyamuke analowa kukhitchini, n'kupisa dzanja m'thumba la mpunga mpaka m'chigongono. Kamtanda kanatuluka katayera ndi fumbi. Anakapukuta ndi mpango wake, n'kukaika pachifuwa pa bambo ake. Chingwe chake chinali chitadetsedwa ndi thukuta la zaka zambiri.

Anawoloka mlatho wa Shire masana, pa lole yonyamula nsomba, bokosi lili pakati. Ku Malindi belu linalira, a kwaya anasonkhana. Alima anaima kunja kwa tchalitchi, atafunda mpango wake, osalowa. Mwambo utatha, bambo Harold anabwera kudzamupepesa. Sanatchule za pachipata paja. Anangofunsa mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko kunamukwiyitsa Alima kuposa chipongwe.

"Mayi, masiku otsirizawa, kodi anandifunsako?"

Alima akanatha kunena kuti ankangogona. Bodza limenelo analinena kale kawiri, ndipo linali pafupi.

"M'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse," anatero Alima. "Ine ndinkawauza kuti mwawaiwala."