Kapulana ya Ukwati wa Délcia

Mayi Benilde a ku Zóbuè anabwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi ali mtsikana. Anakulira kugulitsa mbatata yokazinga kwa madalaivala a magalimoto a katundu, ndipo Chipwitikizi anachitolera pomwepo pamsewu. Matenda a shuga atawatseka maso, anthu anayamba kuwalankhulira ngati kuti makutu nawo afa.

Mwana wawo Délcia, amene amasoka zovala ku Moatize, anawaikira apulikativu yofotokoza zithunzi m'telefoni. Amajambula chinthu, chithunzicho chimapita pa intaneti, kenako liwu limawauza m'Chipwitikizi zomwe zilipo. Megasi a intaneti akatha, liwulo silifotokozanso kanthu. Amaifunsa tsiku lothera mphamvu la mankhwala awo, ngakhale nkhuku imene yalowa m'khitchini.

Ukwati wa Délcia utayandikira, achibale anapangana kuti kapulana, nsalu yofanana ya banja lonse, asankhe alamu awo a Rosinha. Ntchito ya mayi wa mkwatibwi imeneyo! Mayi Benilde anatenga ndodo yawo n'kuwatsatira kumsika.

"Alamu, mwabwera kudzanunkhiza nsalu?" anaseka a Rosinha.

"Ndabwera kudzakulonderani. Inu mungativeke makatani."

A Rosinha anali atagwira kale nsalu ina. Mayi Benilde anaijambula ili chipindire m'kati mwa banka, kashopu ka wogulitsa nsaluyo. Liwu linati ndi yakuda, ya madontho oyera.

"Bodza! Kachitsulo kanu n'kakhungu kuposa eni ake," anatero a Rosinha.

Mayi Benilde sanatekeseke, poti amadziwa kuti pamthunzi telefoniyo imaphonya mitundu. Anapempha wogulitsa kuti aitambasule panja padzuwa, n'kujambulanso. Apa inati ndi yabuluu woderako, ndipo pali mizere ya nkhanga zoyang'anizana.

Kenako Mayi Benilde anaifunsa za m'mphepete. Inati muli masamba achikasu.

"Ibwezeni. Imeneyi ndi imene banja la mkamwini linavala poika mwala pamanda a bambo awo."

"Mwadziwa bwanji? Sitinapiteko."

"Asewele ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Inu munaona anthu, n'kunena kuti anenepa. Ine ndinafunsa zimene anavala."

A Rosinha anagwira pakamwa. Kukalowa ku Moatize mutavala nsalu yokumbutsa mayi wamasiye maliro a mwamuna wake, tsiku la ukwati wa mwana wake! Manyazi ake akanawasenza Délcia moyo wonse.

Mayi Benilde anajambula nsalu zisanu ndi ziwiri, wogulitsa akutuluka nazo padzuwa mong'ung'udza. Iliyonse ankaikhudzanso ndi zala, chifukwa telefoni singadziwe nsalu yolimba. Anakhazikika pa yobiriwira ya maluwa ofiira, a Rosinha n'kutsimikiza ndi maso kuti ndi ofiiradi.

"Ambuye adalitse mwana wanga uja," anatero Mayi Benilde, akupukuta galasi la telefoni ndi nsonga ya mpango.

Anaimbira Délcia asanachoke pamsika.

"Mwanawe, konza makina. Nsalu ndasankha ndine."