Mizere Itatu ya Mayi Pensulo

Mayi Pensulo anagwira ntchito pa wailesi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma palibe womvera amene anamvapo mawu awo. Ankakhala patebulo la pakona, pafupi ndi chitseko cha situdiyo, kudikira mapepala a nkhani. Akafika, ankasolola pensulo m'tsitsi n'kuyamba kudula ziganizo. Mzere umodzi wopendekeka unkatanthauza kuti ima pang'ono. Mizere iwiri, ima ukoke mpweya. Liwu lolembedwa mzere kunsi ulitsindike, koma limodzi lokha m'chiganizo, chifukwa wotsindika paliponse amamveka ngati akukalipira ana.

Owerenga nkhani atsopano ankabwera ali ndi mantha. Mayiwo ankawawerengetsa ndime imodzi mokweza, n'kumamvetsera pamene mpweya ukuwathera, ndipo mizere iwiri ija ankaiika malowo asanafike. Ankati munthu wamantha amathamanga kuti athane nazo, ndiye kumuuza kuti adekhe n'kutaya nthawi, umangomupatsa poima. Ena mwa anthuwo anatchuka mpaka kuiwala kupereka moni patebulo la pakona. Lamulo lawo lalikulu linali loti pa wailesi usakhale chete kupitirira masekondi awiri, womvera angayambe kumenya wailesi yake poganiza kuti mabatire atha. Choncho mizere itatu sanailembepo.

Mayi Pensulo sanabereke mwana. Mtima wawo wonse unali pa mwana wamkazi wa mng'ono wawo, amene iwo ankangomutcha Kamwana ngakhale atakula n'kuyamba ntchito. Kamwana ndi mayi ake ankasoka mayunifomu pafakitale imodzi, makina awo moyandikana. Tsiku lina masana moto unabuka mosungira nsalu, utsi n'kutseka khomo lakutsogolo. Azimayi anathamangira kuchitseko chakumbuyo, koma sichinatseguke. Mng'ono wawoyo anamutulutsira pawindo manja atapsa. Kamwana ndi anzake awiri sanatuluke.

Mng'onoyo anaona ndi maso ake kapitawo akukhoma chitsekocho m'mawa umenewo n'kuponya kiyi m'thumba la malaya. Kapitawoyo ankati azimayi amazembera kumeneko kukacheza. Koma pamaso pa komiti yofufuza za motowo analumbira kuti sanakhomepo, chitseko chinangofufuma ndi kutentha. Itafika nthawi ya mng'onoyo, anawerenga pepala lake ngati akuthamangitsidwa, mawu akupondana. Atafika pa dzina la mwana mpweya unamuthera, n'kukhala pansi. Wapampando anati, "Pepani mayi, sitinamve kanthu." Mayi Pensulo anali kumbuyo, ndipo anaona kapitawo akupukuta magalasi ake uku akumwetulira. Kumwetulira kumeneko anakusunga mumtima miyezi inayi, ndipo sanapemphereko n'kamodzi komwe kuti amukhululukire.

Kalata itabwera yoti komiti ikhalanso, mboni iliyonse mphindi zisanu, ananola pensulo. Analemba umboni wa mng'ono wawo m'zilembo zikuluzikulu, motalikitsa mizere, ndipo sanalole kuti chiganizo chidukire patsamba lina. Mizere iwiri yoyamba anaiika liwu loyamba lisanayambe n'komwe. M'ndime yoyamba anaika popumira pakangopita mawu anayi kapena asanu, poti mantha amachuluka poyambira, ndipo kutsogolo anayamba kutalikitsa. Dzina la Kamwana lisanafike anaika mpweya wathunthu, koma dzinalo sanalilembe mzere kunsi. Anatsindikitsa liwu lotsatira, kuti maso a mayiyo akhale ndi kothawira.

Masana alionse ankayeserera pabalaza, mng'onoyo ataimirira kuseri kwa tebulo lositira zovala.

"Wadumpha mzere. Bwerera."

"Achemwali, mukundizunza."

"Eya, ndikukuzunza. Uzunzike kuno, kumeneko akazunzike ndi kapitawoyo. Chala chako chiziyenda pansi pa mawu. Ukafika pa mzere, chala chiime, pakamwa paimenso."

Tsiku lachisanu mng'onoyo anaona chachilendo patsamba lachiwiri. Pambuyo pa mawu akuti "Kiyi munaika m'thumba la malaya anu" panali mizere itatu.

"Nanga iyi?"

"Pamenepo kweza mutu, umuyang'ane, uwerenge mumtima mpaka teni."

"Teni? Anthu aziti ndaiwala."

"Azinena. Ine ndaonapo mabwana akuluakulu mu situdiyo, wowafunsa akangokhala duu masekondi atatu, amayamba kubwebweta zimene sanafunsidwe. Munthu wolongolola ngati uja sangapirire. Ndipo ngakhale asayankhule, ndikufuna atuluke thukuta anthu akuona."

Chiganizo chomaliza chokha ndi chimene chinalibe chizindikiro. Kuti udziwe podula uyenera kuwerenga mokweza, ndipo Mayi Pensulo anayesa katatu, katatu konse analephera kuchimaliza. Anangouza mng'ono wawo kuti pamenepo aona yekha.

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali, fani yolira padenga ndi mipando yapulasitiki. Kapitawo anakhala pambali pa loya wake, atavala jekete yatsopano. Mng'onoyo ataimirira, anagwira pepala m'manja ake a zipsera aja. Mayi Pensulo anaona mapewa ake akukwera pokoka mpweya woyamba, ndipo mawu anatuluka anayi anayi, omveka mpaka kukhomo. Mlembi wa komiti, amene ulendo woyamba ankangoseweretsa cholembera, anayamba kulemba. Dzina la Kamwana linadutsa bwinobwino.

"Munakhoma chitseko chakumbuyo tisanayambe kusoka. Kiyi munaika m'thumba la malaya anu."

Anakweza mutu n'kumuyang'ana. M'chipindamo munangoti zii, fani yokha ikulira. Mayi Pensulo ankawerenga limodzi naye, chala chikugunda pabondo. Pa thuu kapitawo anavula magalasi. Pa folo anayang'ana loya wake, koma loyayo maso anali pamapepala. Wapampando anatsegula pakamwa, n'kutsekanso ataona kuti mayiyo sanasokonezeke, akungodikira. Anthu onse anatembenukira kumene iye ankayang'ana.

Pa sikisi kapitawo anaphulika. "Mukundiyang'ana chiyani? Ndimakhoma tsiku lililonse, aliyense amadziwa! Ndikanadziwa bwanji kuti kubwera moto?"

Loya anamugwira mkono, koma mlembi anali atalemba kale. Wapampando anafunsa mofatsa kuti, "Bambo, mwati mumakhoma?" Kapitawo thukuta linali likutsikira m'kolala ya jekete ija.

Mayi Pensulo sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Mtima wawo unazizira ngati amwa madzi, ndipo chimene chinawadandaulitsa n'chakuti munthuyo analephera kufika pa teni.

Koma mng'ono wawo sanakhale pansi. Milomo yake inkagwedezeka pang'ono, akumaliza kuwerenga masekondi anayi otsalawo monga anaphunzitsidwira, ndipo komiti yonse inamudikira. Kenako anabwezera chala papepala, pa chiganizo chopanda chizindikiro chija. Anakoka mpweya pamene anasankha yekha, n'kuwerenga osathamanga.

"Mwana wanga anagogoda chitsekocho akuitana dzina lanu, chifukwa ankakhulupirira kuti mubwera kudzatsegula."