Ziro ndi yankho

Ofesi yathu ku Mzuzu inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya m'mwenye. Tinkakonza pulogalamu imene zipatala zazing'ono zinkatumizirapo chiwerengero cha mankhwala otsala. Lamulo linali lakuti chimene mnzako walemba chisalowe mu pulogalamu wina asanachiwunike, ndipo abwana ankawerenga ndemanga zonse.

Tinali ndi mtsikana wa ku Chibavi amene anali pa miyezi yoyeserera. Sabata imeneyo ndi imene abwana ankayenera kugamula ngati atsale kapena ayi. Ine ndinkafuna atsale. Anali wakhama, koma wamantha ngati nkhuku yachilendo.

Fankishoni yake, kachigawo ka pulogalamu kamene analemba, inali yaudongo, mayeso onse inakhoza. Ntchito yake inali yakuti chipatala chikapanda kutumiza lipoti, itenge chiwerengero cha mwezi watha. Iye analemba kuti `if not chiwerengero`. Tsoka lake, m'chilankhulo cha kompyuta cha Python mawu amenewa sasiyanitsa kusowa kwa lipoti ndi ziro. Chipatala chonena kuti mankhwala a malungo atheratu chikanaoneka ngati chidakali ndi a mwezi watha, ndipo galimoto yogawa mankhwala ikanachidumpha.

Kukhala chete sikukanatheka. Kulemba mwachidule kuti "cholakwika" kukanakhala kumukankhira kuphompho. Ndiye ndinakhala pansi, ine wosakonda zolembalemba, n'kulemba ndime yathunthu. Ndinayamikira kuti anaganizira za zipatala zochedwa ndi lipoti, zimene enafe tinaziiwala. Kenako ndinati: "Yesani kuikamo ziro muone. Namwino akati palibe, wayankha. Akakhala chete, sanayankhe. Mzerewu ukuwamva onse awiri chimodzimodzi. Lembani `is None`, muwonjezenso mayeso a ziro. Msampha umenewu suoneka chifukwa pulogalamu siidandaula."

Mtsikana uja atatsegula kompyuta, ndinamuona akuyang'ana kamodzi kokha, n'kutseka, n'kutuluka. Ndinamupeza pamasitepe, chikwama chili kale paphewa, kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja. Ndinafunsa ngati wawerenga. Anati ayi, wangoona kutalika kwake.

"Asisi, munthu akakulembera zambiri choncho ndiye kuti walakwitsa chomene. Bola ndizipita ndekha asanandiuze."

Zinandipweteka, komanso ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinamuuza kuti ulesi wanga ndi wodziwika mpaka ku Nkhorongo, sindingataye ndime yonse pa munthu amene akuchoka. Ndinamupatsa foni yanga kuti awerengere pomwepo.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa namwino anaima, n'kunena kuti mayi ake anabwezedwapo kuchipatala ndi mawu omwewo akuti palibe. Anakwera masitepe patsogolo panga, nakonza mzerewo, nalemba mayeso a ziro. Pansi pa ndemanga yanga anayankha kuti "Yewo, ndamva."

Lachisanu abwana anamuitana. Ndinamva mpando ukukokedwa, chitseko n'kutsekeka, ndipo ntchito inandikanika. Atatuluka sanandiyang'ane. Anapita pa desiki yake, natulutsa kapu ya tiyi m'chikwama, imene miyezi yonseyo ankabwerera nayo kunyumba tsiku lililonse, n'kuiika pashelefu pambali pa zathu.